Yankho la Mayi Mawa

Pamsewu wonse wa kuseri kwa sitolo ya zitsulo palibe amene ankamutchula dzina lake lenileni telala uja. Onse ankangoti Mayi Mawa, ndipo dzinalo sanamunamizire. Upite ndi diresi loti apinde, mawa. Upite ndi zipi yothothoka, mawa. Ngakhale nsalu imene waiona yekha kuti siikwana malaya, mayiyu sankanena kuti sizitheka, ankangoipinda bwinobwino n'kuiika pashelefu. Azakhali ake amene anamuphunzitsa kusoka anamuuza ali mtsikana kuti kasitomala sakanizidwa pamaso, kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Iye anagwira mawuwo ndi manja awiri, moti anakalamba nawo.

Koma kusoka ankasoka, tisamudyere miseche. M'kachipinda kake munali makina opondera, tebulo lodulirapo, simbi, ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Ndi makina amenewo analera ana awiri mwamuna wake atamwalira, ndipo atakwatitsa wamkazi anapuma mpweya wautali n'kunena kuti tsopano nyumba ndi yake, agona nthawi imene wafuna.

Mnzake weniweni anali mmodzi, bambo wokonza makina osokera amene matelala onse ankamuti a Sipanala. Anali wowonda, wosayankhulayankhula, zala zakuda ndi mafuta. Lachiwiri lililonse akamazungulira m'mashopu ankathera kwa Mayi Mawa, makina avute asavute. Awiriwa ankakangana za nkhani za pawailesi, kujeda makasitomala, ndi kudandaulirana za ana. Tsiku limene dokotala anapeza chotupa m'bere mwa mayiyu, a Sipanala ndiwo anamva poyamba, ndipo anakhala pabenchi la chipatala mpaka zotsatira zinatuluka zabwino. Zaka khumi ndi ziwiri ankaitanana kuti achimwene, achemwali, popanda wina kuganiza zina. Kapena tinene kuti mayiyu ndiye sankaganiza zina.

Lachiwiri lina bamboyo anabwera wopanda chikwama cha zipangizo, atavala malaya osita mpaka kolala kuima. Anakhala pampando, nayang'ana pansi nthawi yaitali ngati wataya singano. Kenaka anayamba kuzungulira: kuti mkazi wake anachoka kalekale, kuti nyumba yake ndi yazii, kuti munthu ukamakula umafuna wokufunsa ngati wadya.

"Achemwali, ine ndimakukondani. Osati zachibale zija ayi. Ndikufuna tikhale nyumba imodzi."

Mayi Mawa yankho analidziwa nthawi yomweyo, bamboyo asanatseke n'komwe pakamwa. Ankamukonda munthuyu, ankamulemekeza, akanamudulira ngakhale chala, koma mtima woti akhale mwamuna wake analibe, ndipo ankadziwa kuti sudzabwera. Koma ataona bamboyo akumuyang'ana mwachiyembekezo, pakamwa pake panatuluka zimene panazolowera. Anati wamva, nkhaniyo ndi yaikulu, abwere sabata yamawa. A Sipanala anatuluka akumwetulira ngati mwana.

Sabata yamawayo itakwana, mayiyu anadzaza tebulo ndi mayunifolomu a sukulu n'kunena kuti mutu wake suli pamodzi. Sabata inayo anatseka shopu msanga kuti akagule ulusi, ulusi uli mbwee m'kabati. Ankadziuza kuti akumumvera chisoni, kuti bamboyo azindikira yekha, nkhani izizira, zonse zibwerera mwakale. Bodza lenileni. Chimene ankaopa n'chakuti akangoti ayi, Lachiwiri lake latha, ndipo sadzakhalanso ndi munthu womuuza zakukhosi.

Anauzako mng'ono wake, wogulitsa mankhwala pafamase, osatchula dzina. Mng'onoyo anaseka mpaka kugwira nthiti, nati dzina n'losafunika, tauni yonse ikudziwa amene amanunkha mafuta a makina. Anati munthu wosamwa, wosamenya, wamanja ake, akulu mukufunanso mngelo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ataona kuti mkulu wake sakuseka, anasintha nyimbo: ndiye mungomuuza kuti ana akukana, kapena kuti muli naye wina kutali. Mayi Mawa anapukusa mutu. Akanamizira ana, bamboyo apita kukawanyengerera. Akanamizira mwamuna wina, bodzalo alisenza mpaka liti, pamaso pa munthu amene amadziwa ngakhale mankhwala amene amamwa? Anamupempha mng'onoyo kuti nkhaniyi ithere pomwepo, asamuchititse manyazi munthu wamkulu.

Lachiwiri lachitatu a Sipanala anafika ndi phukusi. Munali nsalu yamaluwa abuluu, ndi kapepala kolembapo miyezo ya mawindo anayi. Anati wapaka penti kuchipinda, wakonza chitseko cha bafa, kwangotsala makatani, ndipo ndi bwino asankhe kasokedwe ndi mwini wake amene azidzawatsegula m'mawa. Ananena mwanthabwala, koma maso ake sankachita nthabwala.

Apa m'pamene Mayi Mawa anaona chimene wachita. Masabata atatu iye akubisala, mnzake anali akumanga nyumba pa mawu amene kulibe. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso. Anadzuka, nakankha chitseko kuti odutsa asamve, nazimitsa wailesi, n'kukhala moyang'anana naye, tebulo lili pakati.

"Achimwene, yankho langa ndi ayi. Ndinalidziwa tsiku lomwe lija, koma ndinachita mantha. Ndakulakwirani pokusungani masabata atatu. Pepani."

Bamboyo anasalaza kapepala ka miyezo ndi chala. Kenaka anayamba kufunafuna khomo, monga amachitira aliyense. Anafunsa ngati ndi ana. Mayiyo anati ana sakudziwa kanthu. Anafunsa ngati pali wina. Anati palibe. Anafunsa ngati n'chifukwa cha malemu, kapena nyumba yachepa, kapena pali khalidwe limene angasinthe. Funso lililonse linali mpata wothawira, ndipo lilime la mayiyu linkayabwa kuti linene kuti mwina m'tsogolo. Analiluma.

"Palibe choti mukonze. Ndinu munthu wabwino, ndipo mwandilemekeza pondiuza. Koma chikondi chimene mukufunacho ine ndilibe, ndipo nthawi siidzachibweretsa. Musandidikire."

Anafuna kuwonjezera zambiri, kuti akazi abwino alipo, kuti adzapeza wina, koma anaona kuti kumeneko n'kumutsuka munthu ndi madzi otentha. Anangonena chimodzi chimene chinali choona: kuti ubwenzi wawo ndi chinthu chachikulu pa moyo wake, akuufunabe, koma sangaukakamize, ndipo ngati bamboyo akufuna kutalikira kaye, iye amvetsa. Anapinda nsalu ija osaidula, naibweza m'phukusi. A Sipanala anailandira, naimirira, nafunsa ngati matelala ena amva. Atauzidwa kuti ndi mng'ono yekha, ndipo watsekedwa pakamwa, anagwedeza mutu n'kutuluka osatsanzika.

Lachiwiri lotsatira sanabwere. Linzake sanabwere. Mayi Mawa ankatenga foni, kulemba kuti mwadzuka bwanji, n'kufufutanso. Ankadziwa kuti uthenga woterowo ungatonthoze iye, koma kwa mnzake ungakhale ngati chitseko chatsegukanso. Oyandikana nawo akafunsa kuti a Sipanala asowa bwanji, ankati ntchito yawachulukira. Koma mayiyu anamusowa koopsa. Mwana wake wamkazi, amene anali woyembekezera, anachira mwana wamwamuna, ndipo mayiyu ali pakhonde la chipatala anapeza chala chake chili kale pa nambala ya bamboyo. Anaibweza foni m'chikwama, chimwemwe chake chili ndi kachisoni pansi.

Ndiye makina nawo anasankha nthawi yomweyo kuyamba misala. Ankadumpha msoko, kudula ulusi, kukwinya nsalu pansi. Mayiyu anasintha singano, anatsuka bobini, anathira mafuta, koma ayi ndithu. Kuitana a Sipanala kunamuvuta: munthu wamukana dzulo, lero uzimutuma ngati wantchito wako? Anamasula mutu wa makinawo, naukweza pa minibasi kupita nawo kwa wokonza wina kutsidya kwa tauni. Unabwerako ukusoka, inde, koma ukulira ngati chigayo.

Patatha miyezi iwiri, masana ena akupinda siketi, kuwala kwa pakhomo kunachepa. Anali a Sipanala, chikwama paphewa, ataonda kuposa kale. Sanapereke moni.

"Ndani wagwira makinawa?"

Mayiyo anafotokoza mwachibwibwi. Bamboyo anati phokosolo walimva ali pa sitolo ya zitsulo, ndipo amene anachita zimenezi ayenera kuti amakonza njinga. Anagwada, napendeketsa mutu wa makina, namasula apa n'kumanga apo, osayang'ana kumbali. Atamaliza anaponda yekha, makina n'kuyenda mwakachetechete. Akupukuta manja ananena kuti kukanidwa kunamupweteka, koma kumva kuti makina a achemwali ake akwera minibasi kupita kwa mlendo kunamupweteka mwamtundu wina. Anati makina akavuta aziimba foni, zimenezo asamulande.

Mayi Mawa anachotsa nsalu pampando kuti mlendo akhale. Bamboyo anauyang'ana mpandowo, napukusa mutu.

"Kukhala ayi, achemwali. Ndikakhala pansi ndiyambanso kuyembekezera. Mundipatse nthawi."

Mayiyo sanakakamize, ngakhale mtima unkafuna kumugwira dzanja. Anati nthawi ndi yawo, atenge imene akufuna. A Sipanala anakoleka chikwama, nafika pakhomo, kenaka anatembenuka n'kufunsa za mwana woyembekezera uja, ngati masiku ake akwana.

"Anachira. Wamwamuna. Lero akwanitsa masabata atatu."

"Masabata atatu," anatero bamboyo motsitsa. "Ine osamva."

Anaima pamenepo, akuyang'ana kumsewu. Mayiyo anati ankafuna kuimba tsiku lomwelo, ali kuchipatala, koma anaopa kumutsegula bala. Bamboyo anati bala ndi lake, adziwa yekha kulisamala, koma nkhani ngati imeneyo safuna kudzaimva kwa anthu apamsewu. Anafunsa ngati pali chithunzi. Mayi Mawa anapita nayo foni pakhomo pomwepo, ndipo anaima awiriwo, wina mkati wina kunja, akuyang'ana kamwana kofiira kokwinya nkhope. A Sipanala anati kafanana ndi agogo ake pokwiya, mayiyo n'kuseka misozi ili m'maso.

Kenaka bamboyo anabweza foni, nati moni kwa make mwana, n'kumapita. Za Lachiwiri sananene, ndipo Mayi Mawa sanafunse.