Mbasela Inadya Phindu Langa

Pa nthawi ya Chitaganya ndinkagulitsa nyemba pa msika wa ku Fort Jameson, kumene masiku ano mumati Chipata. Amuna anga anali atapita ku Halale n'kuchona. Mwana wanga wamkazi ndinamusiya kwa amayi ku Chiparamba, ndipo ndinali nditamulonjeza kuti sukulu zikamatsegulidwa mu Januwale ndidzamutenga. Pankafunika mapaundi atatu a fizi, yunifomu ndi bulangete, chifukwa ine ndinkangofunda nsalu.

Masamu anga anali osavuta, ndipo ndinkawanyadira. Chitini cha nyemba ndinkaoda masheleni khumi kwa alimi akwathu. M'chitinimo munkalowa makapu makumi asanu ndi limodzi, kapu iliyonse tiki, ndipo matiki anayi ndi sheleni imodzi, ndiye kuti masheleni khumi ndi asanu. Phindu masheleni asanu. Zitini zitatu pa sabata, phindu masheleni khumi ndi asanu. Ndinkayenda mapewa m'mwamba ngati mwini sitolo.

Koma ndalama zonse, mpamba ndi phindu lomwe, ndinkazimanga pa mfundo imodzi ya nsalu. Tikiti ya msika inkachoka pomwepo, lendi pomwepo, sopo pomwepo. Ndinkangomva kulemera kwa mfundoyo mtima n'kukhala m'malo.

Loweruka lina mu Okutobala, kukutentha ngati m'ng'anjo, ndinaweruka msanga n'kuyala makobidiwo pamphasa. Sabata imeneyo ndinali ndisanalipire lendi kapena kugula kanthu. Ndinawerenga, n'kubwerezanso. Ngakhale nditachotsera za tikiti ya msika, pankaperewera masheleni asanu ndi anayi. Mtima unandipsa. Ndinakayikira mayi wa tomato woyandikana nane, ndinakayikira mwini nyumba, ngakhale makoswe ndinawatukwana. Panalibe woti ndimufunse. M'tauni muja ndinalibe mbale, ndipo chipinda changa chinali ndi mphasa, mphika ndi ine basi.

Lolemba m'mamawa, ndisanapite kumsika, ndinakhuthula chitini chatsopano pansalu n'kuyamba kuyeza monga ndinkachitira pogulitsa: kapu yodzaza, kenako kadzanja ka mbasela pamwamba. Nyemba zinatha pa kapu ya makumi asanu. Makapu khumi pa chitini chilichonse ankapita ulere! Pa sabata, amenewo anali masheleni asanu ndi awiri ndi sikisi, lomwe ndi theka la sheleni. Tikiti ya msika, tiki tsiku lililonse, inkatenga sheleni ndi sikisi. Wanjinga wondibweretsera zitini nayenso sheleni ndi sikisi, ndipo ameneyo ndinali ndisanamuwerengepo chiyambire. Phindu langa lenileni linali masheleni anayi ndi sikisi, pamene lendi ndi ufa zikudikira. Wakuba ndinamupeza, linali dzanja langa lomwe.

Mbasela aliyense ankapereka, koma anzanga ankangotsina ndi zala. Ine ndinkatapa. Ndipo ndinkadziwa chifukwa chake, ngakhale ndinkachita manyazi kuvomera. Munthu ukamutapira sachoka msanga. Amaima, n'kukufunsa za kumudzi, n'kukuuza za mwendo wake wotupa. Panali bambo wina wachikulire, mlonda wa pa sitolo ya amwenye, amene ankabwera m'mawa uliwonse akaweruka. Ankagula kapu imodzi, n'kukhala pa mwala pafupi nane mpaka dzuwa litakwera, akundiseka kuti nyemba zanga n'zouma ngati mitima ya anthu a ku Halale. Tsiku lonse ndinkadikira chipongwe chimenecho.

Lolemba lomwelo ndinaleka kupereka mbasela. Ndinamuyezera kapu yake, n'kubweza dzanja pamwendo.

"Lero dzanja lauma, amayi?" anatero akuseka, kathumba kali chitsegulire.

"Zinthu zavuta, bambo. Mwana akufuna sukulu."

"Ayi, n'zoona. Mwana ndiye woyamba."

Anakhala pang'ono, n'kutsanzika. Mawa lake sanakhale. Sabata isanathe ndinamuona akugula ku mzere wina. Sindimuimba mlandu, malipiro a ulonda anali ochepa, ndipo kadzanja kaja kanali ndiwo za mdzukulu wake. Amayi ena amene ankanditcha "mnzathu, mnzathu" anatha mmodzimmodzi. Otsala ankagula ali chiimire, osandiyang'ana n'kumaso komwe. Nyemba zinkatha mochedwa, koma mfundo yachiwiri imene ndinamanga, ya phindu lokha, inayamba kukula. Ndinkatha tsiku lathunthu mawu otuluka pakamwa panga ali "tiki" ndi "zikomo". Ndinasungulumwa koopsa, sindibisa.

Mapaundi atatu anatsala pang'ono kukwana Khirisimasi itadutsa. Ndipo m'mawa wina bambo uja anatulukira. Ku mzere wina nyemba zinali zitatha. Tinapatsana moni ngati alendo. Ndinamuthirira kapu m'kathumba, ndipo dzanja langa, losafunsa mwini wake, linalowa m'chitini n'kutapa. Anaona. Anayang'ana mwala uja, n'kuyamba kukweza buluku pamaondo kuti akhale.

Ndinakumbukira bulangete. Ndinatambasula zala, nyemba zinagwera m'chitini momwe zinachokera. Iye anawongoka bwinobwino, n'kuika tiki pansalu.

"Mukamupatse moni mwanayo, amayi."

Mwanayo ndinakamutenga mu Januwale. Pa mwala paja sipanakhalenso munthu.