Kalata Imene Sanaiwerenge Mpaka Kumapeto

M'kalasi ankamutchula kuti Ankolo, chifukwa anali wamkulu kuposa onse. Anagwira ntchito yoyendetsa galimoto ya odwala mpaka imvi zitayamba kumera, ndiye n'kukalembetsa maphunziro a unamwino. Anzake anamusankha kukhala woimira kalasi poona kuti aphunzitsi ankamumvera.

Mayeso atayandikira, Ankolo anasonkhanitsa mafunso a zaka zam'mbuyo, manotsi achidule ndi mayankho, n'kukasindikiza pamalo ojambulitsa mapepala kuseri kwa laibulale. Pamwamba pa mpukutu uliwonse anamatapo kalata. M'kalatamo anafotokoza kuti munthu ayambe wawerenga manotsi, kenako ayankhe mafunso buku lili chitsekere, pomaliza ndiye ayerekeze ndi mayankho. Ndime yotsiriza inali kuseri kwa pepala. Inkachenjeza kuti masamba achikasu ali ndi mayankho olakwitsidwa dala, makamaka pa kawerengedwe ka mlingo wa mankhwala, oti munthu azifufuza yekha pamene palakwika.

Lolemba m'mawa anaitanidwa ku ofesi ya mphunzitsi wa zamankhwala. Anapeza mayiwo atayala mapepala a mayeso oyeserera patebulo, magalasi ali pamphuno. Mayiwo anamuonetsa pepala loyamba, lachiwiri, lachitatu. Onse analemba kuti mwana wa makilo khumi, wofunika mamiligalamu khumi ndi asanu pa kilo iliyonse, apatsidwe mamiligalamu 1,500 m'malo mwa 150.

"Bambo, theka la kalasi lapha mwana mmodzimodziyo," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Akuti yankholi analitenga kwa inu."

M'maganizo mwa Ankolo munabwera ana amene ankawanyamula m'galimoto muja, amayi awo atawafukata pampando wakumbuyo. Anatulutsa kalata m'chikwama, naitembenuza, n'kuloza ndime ija. Mayiwo anaiwerenga kawiri, navula magalasi.

M'kalasi, mphunzitsiyo atafunsa amene anatembenuza kalatayo, manja anakwera atatu okha. Mtsikana wina, amene ankamutcha Phwetekere chifukwa cha masaya ake, anavomera kuti iye anathamangira masamba achikasu poganiza kuti mtunduwo ukutanthauza zofunika kwambiri, ndipo anawaloweza onse pamtima. Wina kumbuyo anayesa nthabwala yoti Ankolo akufuna kudzipezera makasitomala a galimoto yawo yakale, koma palibe anaseka.

Mphunzitsi sanakalipe. Anati chimene chamuopsa si kalatayo ayi, koma kuti anthu ofuna kugwira jakisoni analemba nambala yotere osadabwa nayo.

Masana omwewo Ankolo anayenda desiki ndi desiki kutolera masamba achikasu. Kenako anakawagawanso, tsamba lililonse atalilemba pamwamba ndi cholembera chofiira kuti muli zolakwika. Phwetekere anakhala naye mpaka kuweruka, akuwerengera limodzi mlingo uliwonse kuyambira pa kulemera kwa mwana.