Zitsanzo za Agustino

Agustino Kamphinda, katekisiti wa kumapiri a Ntchisi, anali munthu wa pakamwa. Pamaliro ankalalika mpaka adzukulu kukhala pansi kudikira. Za ndale za Chitaganya ankatsutsana ndi aliyense pamsika wa Mponela. Koma akakumana ndi Sabina, mayi wamasiye wochapa nsalu za kuguwa, lilime linkamuthawa. Ankangoti "Mwaswera?" ngakhale kuli m'mamawa. Ankamufuna ukwati, koma kunena ayi.

Kumishoni kutabwera wansembe watsopano wa ku Kanada, anam'patsa Agustino kuti azimuthandiza Chinyanja. Bamboyo anabwera ndi pepala la maphunziro, inki yake yofiirira. Lamulo la tsikulo linali la kuchitira wina chinthu.

"Apa n'posavuta, Bambo," anatero Agustino. "Mverani liwu lotsiriza la tsinde. Likakhala a, i kapena u, mukuti -ira: kugula, kugulira. Likakhala e kapena o, mukuti -era: kulemba, kulembera."

"Zitsanzo ziwiri basi? Onjezani."

Agustino anasuzumira pazenera, naona nsalu zili pachingwe.

"Sabina wandiphikira. Sabina wanditungira madzi. Sabina wandisokera malaya. Sabina wandisesera m'nyumba."

Zonse zolondola, koma palibe ngakhale chimodzi chimene chinachitikapo.

Wansembeyo anali wakhama moopsa. Ankaloweza akuyenda, mokweza ngati akuitana ng'ombe. Anayamba kuseri kwa tchalitchi, kutsikira kudimba, mpaka pachitsime, ndevu zili petupetu: "Sabina wandiphikira! Sabina wandisesera m'nyumba!" Amayi anatula mitsuko kuti amve bwino.

M'mawa mwake Sabina analowa phunziro lili mkati, manja akudontha thovu.

"Bambo, ine ndinakuphikirani liti?"

"Si ine, mayi," anatero wansembe mokondwa, naloza ndi chala. "Ndi aphunzitsi."

Agustino anayang'anitsitsa pepala ngati muli njira yothawira.

"A Kamphinda, ndiye mwandikwatira kale papepala? Malume anga osadziwa?"

"N'zitsanzo chabe, mayi."

"Chabwino. Bambo, lembani zanga." Anapukuta manja pachitenje. "Agustino wandilimira munda. Wandimangira nkhokwe. Wandisemera mpini. Wawathyolera fodya amayi anga."

Wansembe analemba, naziyesa chimodzichimodzi ndi lamulo. "Kulima, kulimira. Kuthyola, kuthyolera. Zonse zikugwirizana."

"Zikugwirizana," anavomera Agustino.

"Zanga zikachitika, zanu tidzaziona," anatero Sabina. "Malume amapezeka Loweruka."

Loweruka Agustino anavala jekete napita ndi mbale wake kukaonekera. Mvula yoyamba inam'peza m'munda wa apongozi pamtsetse, munthu amene khasu ankangolitchula mu ulaliki. M'manja munatuluka matuza, iye mwina n'kumatukwana pang'ono m'Chilatini.

Ukwati anadalitsa ndi wansembe yemweyo. Pophunzitsa azungu ena obwera pambuyo pake, Agustino zitsanzo zake zonse zinali za mbuzi.