Nyimbo ya Kwawo kwa Aliyense

Chisekese changa chinali cha mapesi a mapira, m'kati muli timiyala ta mumsewu wa ku Kapondo. Anandipangira ndi amalume chaka chimene bambo anamwalira, fodya ali m'zigafa. Tinkakhala pa esiteti, ndipo akapitawo anali atanena kale kuti banja lopanda mwamuna lituluke fodya akasankhidwa. Amayi anapempha chinthu chimodzi: tidikire mwana ayimbe pa chikondwerero cha ufulu.

Aphunzitsi ankatiphunzitsa pansi pa mtengo wa mango, mphepo ya Juni ikuwaza fumbi m'maso, milomo itang'ambika. Malamulo awo anali ochepa. Munyimbo musatchulidwe munthu wamoyo kapena chipani, ndipo wobwera ndi nsalu ya nkhope ya mtsogoleri ankabwezedwa. “Tiyimbe zoti agogo a chipani ichi ndi a chipani icho alulutire limodzi,” ankatero. Choncho tinkayimba za mvula, mapiri ndi chimanga. Atsikana a mawu okwera ankaima kutsogolo, anyamata a besi kumbuyo, ng'oma ikulowa woyambitsa akamaliza mzere wake.

Nyimbo yaikulu aphunzitsi anaipeka okha. Poti ambirife makolo athu anachokera kutali, mwana aliyense ankatuluka pamzere n'kuitana dzina la kwawo, gulu lonse n'kuyankha kuti, “Kumenekonso n'kwathu!”

Ine nditatuluka ndinatchula dzina la esiteti. Ndinabadwira pomwepo, ndipo bambo anagona kuseri kwa zigafa zake. Ana anaseka. Aphunzitsi anaimitsa ng'oma.

“Pamenepo m'pantchito, mwanawe. Anthu adzamva ngati tikuyimba za malo, ndipo za malo ndi ndale. Ukafunse kunyumba.”

Sindiwaweruza. Ndayimba mukwaya ya kutchalitchi zaka zambiri, ndi malemu mkazi wanga pambali, ndipo ndikudziwa kuti mawu amodzi amatha kugawa anthu amene anabwera kudzasangalala.

Amalume anati, “Uzinena Phalombe, kumene ine ndi amayi ako tinachokera.” Ndinali ndisanapondeko. Ndinkalibwereza dzinalo potunga madzi, kuopa kuti lingandithawe pagulu.

Pa sikisi Julaye bwalo la sukulu linadzaza. Mbendera itakwera, tinalowa tikuponda pang'onopang'ono, zisekese zikulira. Wina anaitana Dedza, wina Mzimba, anthu akwawoko akudzuka ndi nthungululu. Ine ndinakweza mawu: “Phalombe!” Bwalo lonse linayankha kuti kumenekonso n'kwathu. Ndinkakhulupirira kuti dziko lonse landilandira.

Amayi okha sanalulutire. Anaima kumbuyo, pafupi ndi msewu, atakhazika mitolo yathu pansi, mphika womangidwa pamwamba. Titamaliza sindinaloledwe kudikira magule. Lole ya fodya inali ikulira kale.

M'njira ndinawafunsa amayi mokondwa ngati ku Phalombe adzatiyimbire chimodzimodzi. Anangondifunditsa chitenje chawo. Sindinkadziwa kuti munda wawo kumeneko unagawidwa kalekale, ndipo kuti sanali kudziwa khomo limene tidzagogode tikatsika.