Mizere Yaifupi ya Achemwali Anga

Achemwali anga anasiyira sukulu Sitandade 3 chifukwa cha khunyu. Anagwa kawiri m'kalasi, anzawo n'kuyamba kuwathawa, ndipo sanabwererekonso. Amawerenga ndithu, koma pang'onopang'ono, chala chili pa liwu lililonse. Ine mlongo wawo wamng'ono ndinapitiriza sukulu mpaka kukhala mphunzitsi kwathu konko, kufupi ndi Nsaru.

Tsiku lina atabwera kotenga mankhwala kuchipatala anandipatsa kabuku kopindapinda kofotokoza za matendawa. Kanali ka Chichewa, koma zilembo zake zinali ngati nyerere, ndipo chiganizo choyamba chokha chinadya mizere isanu.

"Aphunzitsi," anatero, poti ndi mmene amanditchulira akafuna kundiseka, "ndikamafika kumapeto ndimakhala nditaiwala kumene ndachokera."

M'mawa mwake ndinapita kwa anamwino amene ankaona odwala khunyu. Anali mayi wachikulire, wosachulutsa mawu. Anati odwala ambiri amangokulungiramo mapiritsi m'timabukuto. Ndinapempha kuti ndikalembenso mosavuta. Anavomera, koma anati chilichonse adzachione kaye iwo.

Ndinkayesa ntchito ya tsiku limodzi. Inatitengera masabata atatu, Loweruka lililonse titakhala pakhonde, ine ndi cholembera, achemwali akusenda nyemba. Ndikalemba mzere ndinkawapatsa kuti awerenge mokweza, kenako andiuze m'mawu awoawo zimene amva. Akapumira pakati, ndiye kuti chiganizo chatalika. Ndikaika "ndipo" kapena "komabe", ankagogoda pepala.

"Apa pali nkhani ziwiri. Ina itsike pansi."

Zinkandiwawa, chifukwa ine ndimakonda ziganizo zoyenda mtunda. Koma "kutsatira ndondomeko ya kamwedwe ka mankhwala mosadukiza" kunasanduka mizere itatu:

Imwani mankhwala tsiku lililonse.
Imwani pa nthawi imene anamwino anakuuzani.
Pitirizani kumwa ngakhale mwasiya kugwa.

Ndinaphunziranso kusasinthasintha mawu. Pena ndinalemba "mankhwala", pena "mapiritsi", pofuna kukometsa. Achemwali anafunsa ngati pali zinthu ziwiri zoti azimwa. Ndinafufuta "mapiritsi" paliponse.

Loweruka lachitatu ndinawapatsa tsamba lonse, ndikunyada. Anawerenga bwinobwino mpaka pamzere woti, "Musaike kanthu m'kamwa." Apo chala chinaima.

"Kodi 'inu' ameneyu ndani? Pamwambapa ndine, womwa mankhwala. Nanga apa?"

"Apo ndi amene akukuthandizani mukagwa."

"Ndiye mwandipatsiranji ine? Ndikagwa sindiwerenga, achimwene."

Anakweza mlomo ndi chala n'kundionetsa dzino lawo lobenthuka. Ndinakula ndikuliona dzinolo osafunsapo. Anati anagwa pamjigo ali mtsikana, ndipo mayi wina wachifundo anawakanikiza supuni m'kamwa kuti asameze lilime. Ena onse anaima patali poopa malovu.

"Amenewo ndi amene muwalembere," anatero.

Tinagawa pepala pawiri. Mbali ina inali ya wodwala, ina ya achibale ndi anansi, iliyonse ndi mutu wake waukulu. Mbali yachiwiriyo anachita kundiuza okha:

Khunyu si matenda opatsirana.
Munthu akagwa, khalani naye.
Muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi.
Ikani chitenje pansi pa mutu wake.
Musaike kanthu m'kamwa mwake.
Akasiya kuphiriphitha, mugonekeni chammbali.

Anamwino anawerenga zonse ali chiimire. Anaima pamene ndinalemba kuti, "Akachedwa, pitani naye kuchipatala."

"Akachedwa bwanji, bambo? Kabuku kanati mphindi zisanu. Mwadula mawu, mwadulira kumodzi ndi mfundo."

Ndinachita manyazi. Tinakonza pomwepo: "Akaphiriphitha kupitirira mphindi zisanu, thamangirani naye kuchipatala." Anandiuzanso kuti zilembo zikule, mizere italikirane, ndipo pambali pa mfundo zikuluzikulu pakhale chithunzi. Wojambula zikwangwani pamsika anatijambulira munthu wogona chammbali ndi supuni yothethedwa. Odwala ena anayi analiwerenga pepalalo pa tsiku lotenga mankhwala, ndipo mmodzi anati munthu wojambulidwayo akuoneka ngati wafa. Tinamuikira mayi atagwada pambali pake.

Mapepala atatuluka m'makina, achemwali anatenga khumi. Limodzi anapatsa amayi a Mvano, lina anakamata pachigayo. Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anaimirira pansi pa mtengo wa mbawa n'kuwerengera anthu pepalalo, mzere ndi mzere, chala chili papepala. Inali nthawi yoyamba kuwamva akuwerenga pagulu. Sanadodome paliponse.

Patapita miyezi anagwa kudimba ine kulibe. Madzulo ndinawapeza atakhala pamkeka, atatopa koma osavulala. Anati atatsitsimuka anapezeka ali chammbali, mutu uli pachitenje cha mnansi wathu, mwini chitenjeyo akuwapukuta kumaso.

Ndinawafunsa ngati akufuna tiyi. Anati inde, koma ndisachulutse shuga.