Mayi Amene Ankaterereka Popita Kusikelo

Ndiyambe ndi chimene ndakhala ndikubisa. Tsiku limene anesi ena a kuno ku boma la Chama anandifunsa ngati ndingathe kupanga katuni yoyenda, ndinayankha kuti inde, ndinaphunzira kukoleji. Linali bodza. Satifiketi yanga ndi ya kompyuta ya mu ofesi, kutayipa makalata ndi kusanja mafayilo. Za katuni ndinaziphunzira ndekha pa foni, ndili ndi pakati, ndikuonera mavidiyo a anthu achilendo mpaka bando ya intaneti kutha. Anesiwo mpaka lero sadziwa.

Iwo ndi anzawo ankafuna kafilimu ka mphindi imodzi koonetsa amayi a kumidzi ubwino wopita ndi mwana kusikelo. Nkhani yake inali yachidule. Mayi wabereka mwana kumbuyo, akuyenda pa njira, afika pa khomo la chipatala, uku mawu a Chisenga akulankhula. Ndinalandira ntchitoyo ndi manja awiri. Chibadwire mwana wanga ndinali ndisanagwire ntchito iliyonse, ndipo ndinayamba kuopa kuti anthu aiwala kuti ndinapitako kusukulu.

Mayi uja ndinamupanga bwino ndithu, chitenje chobiriwira, duku, kamutu ka mwana kakusuzumira paphewa. Miyendo yake ndinaiyendetsa monga amachitira onse. Umapanga masitepe awiri okha, la kumanja ndi la kumanzere, munthuyo akupondaponda pa malo amodzi, kenaka pulogilamu imabwereza masitepe omwewo kambirimbiri. Ukatero umatenga thupi lonse n'kuliuza kuti lichoke kumanzere kwa sikirini lifike kumanja. Ndinachita zimenezo, ndinaonera kangapo, ndipo mtima unandiuza kuti pali chosokonekera, koma ndinaukhazika pansi.

Tinakaonetsa m'kachipinda kena, pamaso pa anesi aja ndi amayi anayi odzipereka ochokera ku Chikwa amene amayenda m'midzi kukumbutsa anzawo za sikelo. Kafilimu kasanafike pakati, mmodzi anagwira pakamwa.

"Mwe, mayi uyu adzagwa ndi mwana!"

"Wapondapo matope a m'dambo," wina anatero. "Onani mmene akuterereka."

"Matope ati, pansi pali pouma? Wamwako uyu."

Anaseka mpaka misozi. Inenso ndinaseka nawo. Wamkulu wa iwo, mayi wodekha, ananena mosaseka kuti kwawo nthawi ya mvula amayi amakana kupita kusikelo chifukwa cha kuterera komweko, ndipo kuwaonetsa mayi woterereka ndi mwana kumbuyo ndiko kuwapatsa chifukwa. Anesi anandiitanira pambali.

"Amake mwana, galimoto ipita ku Chikwa Lachisanu la sabata ya mawa. Mukakonza, tipita nako. Mukalephera, tinyamula mapepala athu akale, palibe mlandu."

Palibe mlandu kwa iwo. Kwa ine ndinadziwa kuti sadzandiitananso.

Masiku atatu ndinalimbana nako osadziwa chimene ndikulimbana nacho. Ndinachepetsa liwiro la thupi, mapazi anayamba kutsetserekera kumbuyo ngati munthu wokankha galimoto yotitimira. Ndinawonjezera, anayamba kuthawira kutsogolo. Ndinakonzanso mawondo, ndinasintha nsapato, ndinadetsa mthunzi wa pansi. Palibe chinasintha. Mwana akalira ndinkamukalipira, kenaka n'kumunyamula ndikulira nanenso.

Lachinayi linadutsa, Lachisanu loyamba linadutsa, ndipo Loweruka kunabwera alamu anga, achemwali a amuna anga. Amagwira ntchito yolondera nyama zakutchire ku Chifunda, ndipo anabwera ku boma kudzazula dzino. Ndi munthu wamtali, wosachedwa kunena chimene waona. Anandipeza pa khonde laputopu ili pamiyendo, tsaya lawo litatupa, anaima kumbuyo kwanga n'kuonera kawiri.

"Mulamu, nyama iyi yavulala kuti?"

"Si nyama, amulamu, ndi mayi."

"Ndaona kuti ndi mayi. Ndikufunsa chifukwa ine ndikapeza mapazi otere m'tchire, ndimadziwa kuti pali waya m'mwendo. Chamoyo cha bwinobwino sichikhwekhwereza phazi. Tabwerani."

Anatenga tsache n'kusesa pabwalo mpaka fumbi linasalala. Anandiuza ndivule patapata, ndibereke mwana, ndiyende kuchoka pa mtengo wa mango kukafika pa mpanda. Ndinayenda, aneba akuyang'ana. Kenaka tinagwada n'kuona zimene ndasiya.

"Onani. Chidendene apa, zala apa. Phazi likatera, latera. Thupi lanu lonse ladutsa pamwamba pake, lokha lili pomwepo, mpaka litanyamuka. Manje uja wanu, phazi lili pansi koma likupita naye limodzi. Akanayenda pa fumbi ili akanasiya mizere ngati njoka."

Anathyola kamtengo n'kuyeza kuchokera pa chidendene china kufika pa chotsatira. Anaikanso kamtengoko patsogolo, kanakwana. Patsogolo pake, kanakwananso.

"Sitepe imodzi, kamtengo kamodzi. Simungapite kutali kuposa pamene mwendo wakufikitsani. Ngati mwayenda masitepe khumi, mwayenda timitengo khumi. Uja wanu akuyenda masitepe khumi koma akufika pa timitengo khumi ndi tisanu. Tisanu tinato akuyenda ndi chiyani?"

Ndinakhala pansi pa fumbi pomwepo. Zinthu ziwiri zimene ndinazipanga padera, miyendo ndi ulendo wa thupi, ndinali ndisanazifunsepo ngati zikugwirizana. Liwiro la thupi ndinalisankha poyang'ana mawu a Chisenga aja, kuti mayi afike pa chipatala mawuwo akamatha. Miyendo sindinaifunse.

Tinabwerera pa khonde. Ndinayatsa timabokosi ta pa sikirini, tija tothandiza kuyeza. Katuni ndi zithunzi zambiri zosinthana mofulumira, ndipo yanga inali ndi zithunzi makumi awiri ndi zinayi pa sekondi, sitepe iliyonse ikutenga khumi ndi ziwiri. Ndinaimitsa pa chithunzi chimene mapazi onse awiri ali pansi, miyendo itatambasuka, n'kuwerenga kuchokera pa chidendene kufika pa chinzake. Timabokosi tisanu ndi kamodzi. Kenaka ndinawerenga mtunda umene thupi linkayenda pa zithunzi khumi ndi ziwiri zomwezo. Timabokosi tisanu ndi tinayi. Titatu totsalato ndito tinaseketsa amayi a ku Chikwa.

Munthu akamaponda pa malo amodzi, phazi la pansi limabwerera kumbuyo kwa thupi. Ukamuyendetsa, thupi liyenera kupita kutsogolo mtunda womwewo pa nthawi yomweyo, kuti ziwirizi zifafanizane phazi lioneke litaima. Ndinasintha ulendo wa thupi kukhala timabokosi tisanu ndi kamodzi pa sitepe. Ndinayatsa.

"Zachepa," alamu anatero, atagwira tsaya. "Koma chikadalipo. Akangoponda phazi limathawa pang'ono, pakati limabwerera, akamanyamula limathawanso."

Ine sindinkachiona. Anandiuza ndiike chizindikiro, monga iwo amabaya kamtengo pambali pa phazi la njati. Ndinajambula kadontho kofiira pansi pa chidendene n'kuyenda chithunzi chimodzichimodzi. Analondola. Chidendene chinkachoka pa kadontho n'kubwereranso. Apa ndiye ndinakumbukira vidiyo ina imene ndinaidumpha chifukwa bando inali kutha. Pulogilamu, ukaisiya yokha, imayambitsa chinthu pang'onopang'ono, kuchithamangitsa pakati, n'kuchichedwetsa pomaliza, kuti chioneke chofewa. Pa dzanja zimakhala bwino. Pa phazi loponda ayi, chifukwa thupi langa linkayenda pa liwiro losasintha pamene phazi linkasinthasintha. Ndinatsegula pamene pamaoneka mzere wa kayendedwe ka phazi, unali wokhota. Ndinauwongola kuyambira pamene chidendene chatera kufika pamene zala zanyamuka, phazi lamanja ndi lamanzere lomwe. Chidendene chinakhala pa kadontho ngati achikhomera.

Ndinafuula mpaka mwana anadzidzimuka. Alamu anaseka, dzino linawabaya, anatukwana m'Chisenga.

Koma manje mayi wanga, poyenda moona, sankafika pa chipatala mawu akamatha. Ankatsala pakati pa njira. Ndinati nditalikitse masitepe.

"Yayi. Ndani wabereka mwana n'kumatambasula miyendo ngati ine ndikuthamangitsa opha nyama? Musiyeni ayende monga mayi. Chipatalacho si inu munachijambula? Chikokereni pafupi."

Ndinachikokera pafupi. Anesi anaseka nditawauza pambuyo pake, amvekere, zikanakhala bwino zikanatheka kutero ndi chipatala chenicheni.

Alamu anazula dzino Lolemba n'kubwerera ku Chifunda. Ndinawaperekeza kokwerera galimoto ndi kathumba ka shuga ndi sopo, ndikuchita manyazi ndi kuchepa kwake. Anandiuza kuti ndisamavute, ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, kungoti nyama iyi inali ya pa sikirini. Ndikamawakumbukira atagwada pa fumbi ndi tsaya lotupa, akundiphunzitsa osandichititsa manyazi ngakhale kamodzi, ndimawathokoza mumtima. Sanandifunse n'komwe kuti kukoleji ankatiphunzitsa chiyani.

Panatsala malo amodzi, pamapeto, pamene mayi amachedwetsa mayendedwe n'kuima pa khomo. Pamenepo masitepe obwerezabwereza sagwira ntchito, chifukwa munthu akamaima masitepe amafupika. Pamafunika kukhoma phazi lililonse palokha, pa chithunzi chimene latera ndi pa chimene linyamuka, pa malo amodzimodzi, masitepe atatu omaliza onse. Ndinadziwa kachitidwe kake tsopano. Ndinaika Lachitatu ndi Lachinayi kuti ndichite zimenezo.

Lachitatu m'mawa mwana anadzuka thupi likutentha. Tinakhala pa mzere kuchipatala mpaka masana, anamuyeza, anapeza malungo. Lachinayi sanafune kutsika m'manja mwanga. Ndikamugoneka kuti nditsegule laputopu ankalira mpaka kusanza. Amuna anga anali kuntchito kutali, ndipo kumusiya kwa aneba ali chotero mtima unakana. Atagona pang'ono madzulo, ndinali ndi nthawi yochepa kwambiri. Ndinajambula udzu wautali m'mbali mwa khomo la chipatala, wofika m'mawondo, n'kuuika kutsogolo kwa miyendo ya mayi uja. Kuseri kwa udzuwo mapazi ake akutererekabe mpaka lero, masitepe atatu.

Kafilimu kanapita ku Chikwa Lachisanu. Anesi atabwerako anandiuza kuti palibe anaseka mayendedwe, ndipo mayi wodekha uja anati uyu ndiye akuyenda ngati munthu wodziwa kumene akupita. Chokha chimene anadandaula n'chakuti chipatala chanji chosalimira udzu pa khomo, njoka ziluma ana. Anandipatsa ntchito yachiwiri, ya kafilimu ka maneti a udzudzu, ndipo ndinayamika ndi mtima wonse. Mwana anachira.

Udzu uja sindinauchotse, ndipo sindinauze aliyense chimene ukubisa, ngakhale alamu, amene ndikudziwa kuti akanangoyang'ana mutu wa mayiyo akanazindikira. Nthawi zina ndimati amene anaonera anaona zoona zokhazokha, ndipo mwana wanga ankandifuna. Nthawi zina ndimati ndikanaimbira anesi n'kunena kuti masitepe atatu sanathe, asankhe okha. Inu amene mwawerenga mpaka apa, makamaka amene munagwirapo ntchito mwana akutentha thupi pamiyendo panu, ndiuzeni, ndinachita bwino?