Mmene Achimwene Anayezera Dimba la Amayi

Ndinali nditakhala zaka zitatu ku Wheaton, ku Amereka, pamene ndinabwerera kusukulu. Masiku a ntchito ndinkasamalira nkhalamba, Loweruka n'kumapita kukoleji kuti mwina tsiku lina ndidzakhale namwino weniweni. Masamu ndinkadana nawo kuyambira ku pulayimale, koma mphunzitsi wathu anayamba ndi nkhani ya mtsinje, ndipo ine mwana wa kuchigwa cha Shire ndinatchera khutu.

Anati ku Igupto wakale mvula siinali yodalira. Chaka ndi chaka mtsinje wa Nailo unkasefukira, n'kumiza minda kwa miyezi ingapo, ndipo pophwera unkasiya matope akuda achonde. Anthu ankasangalala, koma madziwo ankafafaniza malire, kusuntha miyala, kudya munda wa uyu n'kuwonjezera wa uje. Farao naye ankafuna msonkho wake wa tirigu. Choncho alembi ankawerenga mizere yojambulidwa pamiyala ndi m'zitsime za m'mbali mwa mtsinje kuti adziwe mikono imene madzi akwera, poti madzi ochepa ndi njala, opyola muyeso ndi chiwonongeko, ndipo msonkho unkatsatira zimenezo. Kenako oyeza ankalowa m'minda ndi chingwe cha mfundo cha mikono zana. Munda wa chingwe chimodzi m'litali ndi chimodzi m'lifupi ndiwo unali muyeso wawo, monga ife timanenera ekala. Amene mtsinje wamudyera munda ankakadandaula, oyeza n'kubwera, msonkho n'kutsika. Umo ndimo anaphunzirira kupeza kukula kwa munda wa ngodya zinayi, wa ngodya zitatu, ngakhale wozungulira.

Ndinatuluka m'kalasimo mtima uli mpwee. Zimene tinkakanganirana kumadimba chaka ndi chaka, kani anthu anazipezera masamu kalekale!

Achimwene anga aakulu ankakhala ku Laurel, tauni ina yapafupi, ankayendetsa takisi. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankadutsira kwanga kudzamwa tiyi. Ine pakamwa sipakhala chinthu, ndiye ndinawakhuthulira zonse. Ankangoyasamula mpaka nditafika pa kachinyengo kamene kanandiseketsa ine m'kalasi.

Munda ukakhala wa mbali zinayi zosalingana, oyeza aja ankawonkhetsa mbali ziwiri zoyang'anana n'kugawa pawiri, mbali zinazo chimodzimodzi, kenako n'kuchulukitsa mayankho awiriwo. Njirayi ndi yoona pokhapokha ngodya zonse zili zowongoka ngati za chitseko. Munda ukapendekeka, yankho limaposa munda weniweniwo, ndipo silichepa ayi. Ndiye mlimi wa munda wopendekeka akanatha kulipira msonkho wa nthaka imene alibe.

"Aaa, come on," anatero achimwene. "Mbali zake ndi zomwezo, ndiye munda uchepa bwanji?"

Ndinatenga mapensulo anayi n'kuwayala pathebulo ngati khola. Kenako ndinakankha ngodya imodzi ndi chala. Mapensulo sanafupike, koma malo a m'kati anaphwatalala mpaka sosala ya kapu yawo sikanakwanamo.

"Mwaona? Kuti mumugwire wakuba, kokani chingwe kuchokera pangodya iyi kukafika pa yoyang'anana nayo, muyeze zigawo ziwirizo padera."

"Tabwereza," anatero. Ndinabwereza, n'kumanyada kuti lero achimwene akundimvera.

Amayi anamwalira chaka chimenecho. Ine mapepala anga anali asanalongosoke, sindikanatha kutuluka m'dziko muno n'kubwereranso, ndipo maliro ndinawalirira m'chipinda changa. Dimba lawo anali ataligawa pawiri akadali moyo. Theka linali la achimwene, lolima akazi awo otsala kumudzi, theka la ife ana aakazi, ine ndi mng'ono wanga. Mng'ono wangayo anali wamasiye ndi ana anayi, ndipo ankandisungira mwana wanga wamkazi. Onsewo ankadya za m'dimbamo. Dzinja lotsatira madzi anasefukira n'kukokolola nthochi zimene amayi anabzala pamalire. Achimwene, monga mwinimbumba, anati apita kukakonza. Ndinawalongedzera sopo ndi nsapato za ana, n'kuwaperekeza kubwalo la ndege.

Anabwerako atanenepa, atanyamula kaseti ya vidiyo. Masiku amenewo munthu akabwera ndi kaseti ya kumudzi tinkasonkhana ngati kuli ukwati. Tinadzazana m'nyumba ya mayi wina wa kutchalitchi ku Annandale, masana a Lamulungu, ana akuthamangathamanga ndi Chingerezi chawo. Tinaona manda a amayi, ndinalira. Ndinaona mwana wanga atatalika, ndinaliranso. Kenako panabwera dimba.

Achimwene anaima pamatope ouma atagwira chingwe cha mfundo, abale atawazungulira. Ndinawamva ndi makutu angawa akunena kuti: "Njira iyi si yanga ayi. Ndi ya mlongo wanga wa ku Amereka, amene ali pasukulu yapamwamba. Ndi mmene ankayezera kwa Farao."

M'nyumba muja anthu anandiwombera m'manja. "Eee, professor wathu!" anatero bambo wina wa ku Lusaka.

Ine maso anali pa kanema. Anayeza chigawo chawo cha kumtunda, chowongoka bwino. Anayeza chathu, chotsata gombe pamene mtsinje umakhota, chopendekeka moti ngodya ina inali yosongoka ngati mchira wa khoswe. Anawonkhetsa, anagawa, anachulukitsa pamchenga ndi kamtengo, ndipo mayankho awiriwo anafanana. Anakhoma zikhomo. Chingwe chodutsa pakati sanachikoke. Ndinadikira mpaka kasetiyo inafika pa kwaya ya kumudzi, osachikoka.

Ndinawapeza kukhitchini akutsegula botolo la Fanta.

"Achimwene, chingwe cha pakati chija munachiiwala?"

Sanandiyang'ane. "Iwe, don't start. Aliyense anaona, masamu anafanana."

"Masamu ake ndinakuphunzitsani ndine. Ndinakuwonetsani ndi mapensulo."

"Ndiye ukufuna ndikanene kuti mlongo wanga anandiphunzitsa zabodza?" Anamwa Fanta yawo. "Ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi. Iwe uli ku America, you'll be fine."

Akanakhala kuti analakwitsa, bwenzi nditawakhululukira tisanafike pagalimoto. Koma anati tabwereza, ndipo ine ndinabwereza. Anakhala pathebulo langa, akumwa tiyi wanga, akunola mpeni wodzachekera ana amasiye. Amati chibale ndi fupa sichiwola, koma tsiku limenelo chinandinunkhira.

Kumudzi kunalibe lamya. Ndinatumiza uthenga kuti mng'ono wanga apite kuboma, kwa msuweni wathu wogwira ntchito mu ofesi, ndimuimbire kumeneko. Ndinali nditakonzeka kumufotokozera za chingwe cha pakati, kuti aitane amalume akayezenso. Atabwera palamya anandipatsa moni waulemu wonga wopatsa mlendo. Ndinayamba kulongosola, mawu akuchedwa kufika monga zinkachitira lamya za kutali, ndipo anandidula.

"Musavutike, achemwali. Ine ndinaona tsiku lomwelo kuti chachepa. Dimba limenelo ndalilima kuyambira ndili mtsikana, mizere yake ndimaidziwa."

"Nanga bwanji sunalankhule?"

"Achimwene anati njirayo mwatumiza ndinu. Ndiye ndinati kapena achemwali atopa nafe. Mwana wanu ndikumusungabe, musadandaule. Amadya chimodzimodzi ndi anga."